Chimbudzi cha bambo amene anadwala sitiroko: yambani ndi kuyeza mwendo wawo

"Bambo anga ku Senga Bay anadwala sitiroko, dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafooka. Pafupi amayenda ndi ndodo, patali timawakankha pa wilotcheya. Chimbudzi chathu n'chokumba, ndipo kunjuta sangathenso. Kodi tiwagulire chamadzi chokhalira, kapena titani?"

Achemwali, ndalamazo zisungeni kaye, mubwereke tepi kwa telala. Bambo akhale pampando atavala nsapato zomwe amavala tsiku lililonse, mapazi ataponda pansi bwinobwino. Muyeze kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo, pamene mwendo umapindikira. Nambala imeneyo muwonjezerepo masentimita 2 mpaka 5, ndiye msinkhu wa mpando wawo wa m'chimbudzi.

Zimbudzi zamadzi zambiri za m'sitolo zimakhala pa masentimita 40 kapena kuchepera pang'ono, pamene zopangira anthu ovutika kuyenda zimakhala pakati pa 43 ndi 48. Mpando ukafupika, mawondo amakwera kuposa chiuno, ndipo munthu wodalira mwendo umodzi sadzuka popanda womukoka. Koma anthu ambiri amalakwitsa mbali inayo. Azakhali anga ku Nkhotakota mmisiri anawamangira mpando wa njerwa wa masentimita 55, akuti kuti asamavutike podzuka. Mwendo wawo unali 41. Akakhala, mapazi ankalendewera ngati a mwana, thupi n'kumapendekera mbali yofookayo, ndipo chimbudzi chinayamba kuwavuta kutuluka chifukwa analibe popondera. Tinagumula mzere umodzi wa njerwa. Chizindikiro chake n'chosavuta: zidendene zikapanda kugunda pansi, mpando watalika.

N'chifukwa chake ndimakonda kuyamba ndi mpando wathabwa. Kalipentala aboole pakati, ausalaze, aupake penti wa mafuta kuti uzitsukika, ndipo pansi pa bowolo mumangirire chidebe chodula kunsi kuti zonse zizilunjika m'dzenje. Miyendo ya mpando imadulika mukaona kuti watalika, simenti siibwerera. Ndipo ngati pansi pa chimbudzi chanu ndi mitengo yoyala ndi dothi osati silabu, musayerekeze kumangapo njerwa. Dothi la kunyanjako ndi mchenga, mvula ikagwa maenje amagumuka, ndiye kulemera kwinanso n'kwachiyani?

Tsopano chogwirira. Dzanja lamphamvu la bambo ndi lamanja, choncho chikhale kumanja kwawo atakhala pampando. Ndanena kuti atakhala chifukwa amisiri amayeza ataima pakhomo akuyang'ana mkati, manja n'kusanduka manzere. Chopingasa chikhale masentimita 20 mpaka 25 pamwamba pa mpando, ndipo chipitirire kutsogolo kwa mawondo, pakuti munthu podzuka amawerama kaye kutsogolo. Paipi ya madzi yachitsulo yosachita dzimbiri msanga, yonenepa masentimita 3 kapena 4, imakwana bwino m'manja. Pa khoma la njerwa zomangira dothi musakhomerepo, chimazuka tsiku lomwe munthu wachidalira ndi thupi lonse. Owotcherera achipange ngati chigoli cha mpira chaching'ono, miyendo yake muizike pansi ndi konkire. Ikauma, munthu wonenepa kwambiri pakhomopo achitsamire ndi kuchigwedeza bambo asanachikhudze.

Malo ndi amene amadya ndalama. Khomo la chimbudzi chokumba nthawi zambiri ndi lopapatiza, pamene wilotcheya imafuna masentimita 80 mpaka 90. Chitseko chizitsegukira kunja, chifukwa bambo akagwera mkati n'kuchitsamira, chotsegukira mkati simungachikankhe. Kumanzere kwa mpando musiye malo opanda kanthu pafupifupi masentimita 90, musaikepo ndowa kapena tsache. Wilotcheya ikaima pamenepo, mabuleki atamangidwa, bambo azisamukira kumanja kumene kuli mphamvu, atagwira chitsulo chija. Pobwerera ndiye pamakhala povuta, popeza akupita mbali yofooka: wowathandiza aime mbali imeneyo, awagwire m'chiuno. Dzanja lofookalo musalikoke, phewa la munthu wa sitiroko limaguluka msanga. Kuti wilotcheya itembenuke mkati momwemo pamafunika malo a masentimita 150 mbali zonse. Ngati palibe, muziituluka nayo chafutambuyo. Pakhomo pakakhala sitepe, pangani chitunda chotsetsereka pang'onopang'ono: sitepe ya masentimita 10 imafuna chitunda chotalika masentimita 120.

Chamadzi chija mungagule ngati mpopi wanu suuma kawirikawiri ndipo chikhala m'nyumba, pafupi ndi kuchipinda kwawo. Chikafupika, mmisiri achikhazike pa kansanja ka konkire kokwanira masentimita amene akusowawo. Usiku, kaya mwasankha chiti, mpando wathabwa uja muziulowetsa pafupi ndi bedi, pansi pake ndowa yokhala ndi chivundikiro, kuti bambo asamadutse pamchenga mumdima ndi ndodo.