Funsani Dokotala: Ndili ndi bipi, kodi khofi ndimusiye?

Adokotala, ndili ndi zaka 54, ndimakhala ku Chinamwali. Ndimamwa amulodipini ndipo bipi yanga imakhala cha pa 148/92. Khofi ndimamwa makapu awiri patsiku, masipuni awiri odzaza pa kapu. Masiku ena mtima umachita ngati waima kenako n'kugunda mwamphamvu. Akunyumba akuti ndimusiye. Nditani?

Bambo, musamusiye kaye, koma muchepetse zomwe mukutapa pa sipuni. Tiyeni tiwerengere limodzi. Galamu iliyonse ya khofi wa m'botolo wosungunuka uja imakhala ndi pafupifupi mamiligalamu 30 a kafeini, chinthu chija chothamangitsa tulo. Sipuni ya tiyi yosefukira imanyamula magalamu ngati 3, ndiye masipuni awiri ndi mamiligalamu 180 pa kapu imodzi, ndipo makapu awiri afika 360. Mukaonjezerapo tiyi wa kuntchito, yemwe kapu yake ili ndi 40 kapena 50, mwafika kale pa 400, omwe ndi malire a tsiku lonse kwa munthu wamkulu wopanda vuto lililonse. Kunena zoona, inu mukumwa makapu anayi obisala m'makapu awiri. Ngati khofi wanu ndi wosakaniza ndi mizu ya chikori, kafeini wake ndi wocheperapo ndithu, choncho onani zolembedwa pa chitini.

Kafeini amakwezadi bipi, koma kwa kanthawi. Kafukufuku wa 2011 yemwe anaphatikiza zoyesa zingapo pa anthu a bipi anapeza kuti mamiligalamu 200 mpaka 300 amakweza nambala ya pamwamba ndi 8, ya pansi ndi pafupifupi 6. Kukwerako kumayamba ola loyamba lisanathe ndipo kumatenga maola atatu kapena kupitirira. Kwa munthu womwa tsiku lililonse thupi limazolowerako, n'chifukwa chake akafukufuku sanapeze kuti kumwa khofi mosapitiriza muyezo kumakweza bipi mpaka kalekale.

Pali malire amodzi omwe ndikufuna muwagwire. Ku Japani anatsatira anthu oposa 18,000 kwa zaka pafupifupi 19, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Mwa anthu omwe bipi yawo inali 160/100 kapena kuposa, omwa makapu awiri kapena ambiri patsiku ankamwalira ndi matenda a mtima ndi sitiroko kawiri kuposa osamwa. Kapu imodzi sinaonetse vutoli, ndipo omwe bipi yawo inali pansi pa nambala imeneyi sanaonetsenso vutoli. Kafukufuku wongotsatira anthu chonchi satsimikiza kuti wolakwa ndi khofi yekha, koma chenjezo lake ndi lomveka. Inu pa 148/92 simunafike pamenepo, komanso simunatsike pansi pa 140/90 pomwe timafuna. Zimenezi mukazinene ku sikelo yanu ya bipi, chifukwa mwina pakufunika kuonjezera mankhwala kapena kuchepetsa mchere, ndipo khofi sangasenze mlandu wonsewo.

Anthu amasiyana mmene amamvera kafeini, ndiye dziyeseni nokha ngati muli ndi makina oyezera bipi kapena mungabwereke. M'mawa musanamwe kalikonse, mukataye madzi kaye, kenako khalani pa mpando wotsamira kwa mphindi zisanu, mapazi onse pansi, mkono uli pa tebulo molingana ndi mtima, osalankhula. Yezani kawiri, mosiyanitsa mphindi imodzi, n'kulemba. Imwani kapu yanu monga mwa masiku onse, ndipo muyezenso patatha ola limodzi, mkono womwewo, mpando womwewo. Tinene kuti poyamba munapeza 144/90 ndipo kachiwiri 156/95. Nambala ya pamwamba yakwera ndi 12, ndipo zikabwereza chonchi masiku atatu ndiye kuti thupi lanu limamva kafeini kwambiri. Ikangosuntha ndi 3 kapena 4, kumeneko ndi kusinthasintha kwa masiku onse. Ambiri amalakwitsa poyeza atangokwera chitunda kuchokera kumsika, kapena akunjenjemera ndi chisanu cha Zomba cha mu Juni, kapena atangosuta fodya. Zonsezi zimakweza bipi pazokha. Ndipo tsiku lopita kuchipatala musamwe khofi kapena tiyi musanayezedwe, angakupatseni mankhwala a nambala yomwe si yanu.

Tibwere ku mtima. Zomwe mukumvazo nthawi zambiri zimakhala kugunda kobwera msanga. Mtima umagunda nthawi yake isanakwane, umapuma pang'ono, ndipo popumapo umadzaza magazi ambiri, moti kugunda kotsatira kumamveka kuti di! Pafupifupi aliyense zimamuchitikira, kungoti ena samva. Mu 2023 akafukufuku a ku San Francisco anaveka anthu 100 tizipangizo tojambula mtima kwa masabata awiri, masiku ena akumwa khofi, ena osamwa. Kugunda kofulumira kochokera m'zipinda za pamwamba za mtima sikunasiyane kwenikweni. Kochokera m'zipinda za pansi kunachulukirapo, 154 patsiku poyerekeza ndi 102. Mtima umagunda ka 100,000 patsiku, ndiye kusiyanaku ndi kochepa, koma kwa munthu amene amakumva kugundako, n'kokwanira kumusowetsa mtendere. Anthu omwewo ankagona mphindi 36 zochepa pa masiku a khofi, ndipo ine mbali imeneyi ndi yomwe ndimaiopa kwambiri, chifukwa kusowa tulo kumakweza bipi komanso kumachulukitsa kudumpha kwa mtima. Theka la kafeini limakhala likadali m'magazi patatha maola ngati asanu, choncho kapu ya 4 koloko madzulo mumagona nayo.

Gwirani mtsempha wa padzanja mbali ya chala chachikulu kwa mphindi yathunthu. Ngati ukuyenda bwinobwino n'kungodumpha kamodzi kapena kawiri, ndi zomwe ndafotokozazi. Ngati ukugunda mwachisawawa mphindi yonse, wopanda dongosolo, kapena ukupitirira 100 muli chikhalire, pitani akakujambuleni mtima ndi makina a isiji, monga ku chipatala chachikulu cha Zomba. Kugunda kosalongosoka kotereku kumatha kuumbitsa magazi mumtima n'kuyambitsa sitiroko, ndipo kusiya khofi sikuchiza. Kafukufuku wa 2025 pa odwala 200 a vutoli anapeza kuti atalandira chithandizo linabwereranso mwa 47 pa 100 alionse omwe anapitiriza khofi, koma mwa 64 pa 100 omwe anauzidwa kusiya. Omwe anapitirizawo ankamwa pafupifupi kapu imodzi yokha patsiku, musaiwale. Akayezenso magazi ngati ali okwanira, komanso chithokomiro, poti zimenezi zimathamangitsa mtima. Kupweteka pachifuwa, kubanika, kukomoka kapena bipi ya 180/120 si zodikira m'mawa.

Pakutha pa masabata awiri akubwerawa, mufike pothira sipuni imodzi yosasefukira pa kapu. Imeneyo ndi mamiligalamu ngati 60, ndipo makapu onse awiri muwamwe nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Tsikani pang'onopang'ono, sipuni ndi theka sabata yoyamba, chifukwa kusiya kamodzin'kamodzi kumabweretsa mutu waukulu tsiku lotsatira, womwe ungakuvuteni mpaka sabata. Zakumwa zopatsa mphamvu za m'zitini zija zisiyeni, ndipo mapilitsi a mutu muziwerenga pepala lake, poti ena ali ndi mamiligalamu 65 a kafeini pa pilitsi limodzi. Akakulemberani sipurofulokisasini, mankhwala opha tizilombo ta mabakiteriya, dziwani kuti amachedwetsa chiwindi kuchotsa kafeini, moti kapu imodzi imatha kugwira ngati awiri. Masiku amenewo imwani theka. Lembani nambala za bipi ndi masiku omwe mtima wadumpha kuseri kwa buku lanu la kuchipatala, mupite nalo pa tsiku lanu la sikelo.