Mlandu wa matumba a simenti

"Azakhali, kuntchito andipatsa kalata yoti Lachinayi ndikayankhe mlandu ku komiti. Akuti matumba 12 a simenti anasowa musitolo makiyi ali ndi ine. Sindinabe ine. Tulo sindikupeza. Ndikayima bwanji pamaso pawo?"

Eee, mwana wanga, pepa. Ndati ndingojambula mawu, kulemba kundichedwetsa.

Lira lero, lira mawa, kwiya mmene ungathere, koma uchitire kunyumba. Ine zinandigwera ndili kashiya, ndalama zitaperewera pa tilu. Ndinalowa mtima uli m'mwamba, n'kuyamba kufotokoza zaka zonse zimene ndinagwira mokhulupirika, mpaka kutchula anzanga amene ankandida. Funso lenilenilo sindinaliyankhe. Munthu wonamiziridwa amafuna kutsuka dzina lake lonse nthawi imodzi, ndiye amalankhula zambiri, mawu n'kuyamba kusemphana, iwo n'kumaona ngati akubisa kanthu.

Ndiye tenga kalatayo uwerengenso modekha. Mlandu wako ndi umodzi: matumba 12, tsiku lakutilakuti. Lemba papepala za tsiku limenelo lokha. Unatsegula nthawi yanji, lole inabwera nthawi yanji, anasainira katundu ndani, popita kukadya nkhomaliro makiyi unasiyira ndani. Pepalalo lidzakugwira pamene mutu waima. Chimene sukukumbukira unene kuti sindikukumbuka. Usaponye mwala kuti mwina inali 2 koloko, chifukwa buku la pageti likadzaonetsa 4 koloko, adzakayikira ndi zoona zomwe.

Chimene chidzakubaye kwambiri ndi kumva mawu oti "kuba" akutchulidwa pamodzi ndi dzina lako, mwinanso ndi munthu amene mumadyera limodzi. Pamenepo khosi limauma, mawu amanjenjemera. Usamudule. Lemba zimene wanena, puma kaye, umwe madzi, kenako upemphe kumufunsa mafunso. Misozi ikabwera, nena kuti ndikupempha mphindi zisanu.

Komanso usalowe ngati wopempha chifundo ayi. Lamulo la za ntchito la 2000, gawo 57, limati munthu asachotsedwe ntchito pa nkhani ya khalidwe asanapatsidwe mpata wodziteteza. Ndipo amene ayenera kuonetsa chifukwa chomveka ndi abwanawo. Zikavuta, uli ndi miyezi 3 yokadandaula ku Leba. Ndikukuuza izi kuti udziwe kuti Lachinayi si pothera, mwina ungapezeko tulo.

Aa, ndimaiwala. Pali chiyeso china: kutopa. Ena amangolemba kalata yosiya ntchito, kapena kusaina kuti azidulidwa pa malipiro, kuti zingotha basi. Usatero, mwana wanga, zimaoneka ngati wavomera. Akakupatsa pepala, uwerenge lonse. Ngati mawu ako awasintha, unene usanasaine.

Mawa ufunse ngati ukuloledwa kulowa ndi mnzako wa kuntchito kapena wa yuniyoni, upemphenso kuona makadi a sitoko. Lachitatu madzulo ndibwera, ine ndikhale bwana, ndikufunse mafunso owawawo mpaka uzolowere kuwamva. Ndipo udye, amayi ako akuti nsima ukungoiyang'ana.