Chifukwa chimene khonsolo singangodzuka n'kukatenga ngongole

"Msika wathu ukudontha, zimbudzi zidadzaza kalekale. Bwanji khonsolo osangokakongola ndalama kubanki n'kumanga wina? Akuti akudikira chilolezo cha ku Lilongwe, chilolezo cha chiyaninso?"

Achimwene, za chilolezozo sakukunamizani. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limalola khonsolo kukongola ndalama, koma nduna ya maboma ang'ono iyenera kuvomereza kaye, ndipo unduna wa zachuma nawo umakhala ndi mawu. Makhansala akagwirizana pamsonkhano wawo, nkhani imakhala isanathe.

Tiyerekeze ndi msika wanuwo, manambala ndi ongopeka kuti tione mmene zimakhalira. Khonsolo yakongola K500 miliyoni, yobweza pa zaka 5, chiwongoladzanja 30 peresenti pachaka. Chaka choyamba banki ifuna K150 miliyoni ya chiwongoladzanja, kuphatikizapo K100 miliyoni yodula ngongole yeniyeniyo. Yonse pamodzi K250 miliyoni. Tsono mumsikamo muli mabenchi 400, aliyense akudula chiphaso cha K500 patsiku. Ngakhale onse atamalipira tsiku lililonse, Lamulungu lomwe, pachaka pamatuluka K73 miliyoni basi. Ndipo inu mukudziwa kuti mvula ikagwa theka la mavenda sabwera, ndipo ndalama zina zimathera m'matumba mwa odulitsa ziphaso.

K177 miliyoni yotsalayo ichokera kuti? Ichokera ku msonkho wa malo ndi nyumba, ku malayisensi a magolosale ndi mabala, ndalama zomwezo zimene zimagulira mafuta a galimoto yotola zinyalala ndi kulipira amayi osesa mumsika. Apa m'pamene mtima wanga umawawa, chifukwa ngongole ikathina oyamba kukhala miyezi osalandira ndi osesawo, osati amene adasayina. Ndalama zochokera kuboma nazo sungazidalire: zambiri zimabwera zitamangidwa kale kuti izi n'zachipatala, izi n'zasukulu, ndipo nthawi zina zimachedwa.

Chinanso, khonsolo ikalephera kubweza, banki imathamangira kukhoti, katundu wa khonsolo n'kuyamba kulandidwa, mapeto ake boma ndi limene limapemphedwa kulipira. Makhonsolo alipo 35 m'dziko muno. Aliyense atamakongola mmene wafunira, ngongole ya dziko ingakule popanda woiwerenga. Komanso khansala amakhala pampando zaka 5, pomwe ngongole imatha kupitirira nthawi yake n'kugwera amene sadaitenge.

Sindikuti kuchedwa kwa ku Lilongwe n'kwabwino, ayi. Pempho loganiziridwa bwino likagona mu ofesi miyezi yambiri, mtengo wa simenti umakhala ukukwera. Koma musanadandaule za chilolezo, pitani kwa khansala wanu mukamufunse kuti pempholo adalitumiza liti, msikawo umatolera zingati pamwezi, ndiponso ngati mabuku a khonsolo a chaka chatha adaunikidwa ndi mkulu wolondoloza chuma cha boma. Khonsolo imene mabuku ake ali m'mbuyo ivutika kupeza woikongoza, chilolezo chikhalepo kapena ayi.