Chitini cha mwanayo musachitsegule usiku

"Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 wakhala akusunga timachenje m'chitini kuyambira mu Febuluwale kuti adzagulire agogo ake chitenje pa Tsiku la Anakubala. Wafika K4,300, koma chitenje chimene anachiona pa K5,000 pano akuti K7,500, ndipo iye sakudziwa. Kodi ndingomuthirira yotsalayo ali mtulo, kapena ndimuuze zoona?"

Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga Lachiwiri usiku, ndipo m'malo moyankha ndinangokhala duu pampando, mtima uli kwathu ku Ntcheu. Inenso ndinali nacho chitini. Changa chinali cha polishi wa nsapato, chija chotsegula ndi kachitsulo ka m'mbali, ndipo ndinkachibisa mu udzu wa denga la khitchini, pamwamba pa chitseko, pomwe mwaye unadetsa moti palibe akanapisapo dzanja.

Chinali chaka cha 1994, ndili Sitandade 4. Agogo anga, mayi wa amayi anga, anali ndi chitenje chimodzi chopitira kutchalitchi, ndipo chinali chitayera pamaondo. Lamulungu lina ndinawaona akuchitembenuza kuti poyerapo pakhale mkati, kenako akuchikokera m'mwamba pang'ono kuti chigamba chibisike m'chiuno. Sanadandaule. Ine ndi amene chinandiwawa. Loweruka lotsatira titapita kumsika kwa Lizulu ndinafunsa mtengo wa chitenje chobiriwira cha timaluwa tachikasu, cha ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre. Bambo wogulitsayo anandiyang'ana kuyambira kumapazi, nkunena kuti K24. Ndinaisunga nambalayo m'mutu ngati vesi la pamtima.

Ana a masiku ano sangamvetse kuti K24 inali phiri lotani. Ndalama zimene zinkadutsa m'manja mwa mwana zinali 1 tambala ya chithunzi cha tambala, 5 tambala, 10 tambala ya zimanga ija, ndipo ukachita mwayi 20 tambala ya njovu. Kuseri kwa zonsezo kunali nkhope ya Kamuzu. Agogo sankazitchula choncho ayi. Kwa iwo 10 tambala inali sheleni, 5 tambala inali sikisi, ndipo K2 inali paundi, ngakhale kuti kwacha inalowa m'malo mwa paundi kalekale mu 1971. Ukawauza mtengo wa chinthu ankayamba ausandutsa mapaundi m'mutu kenako nkukuwa kuti dziko latha.

Ndalamazo ndinkazipeza movutikira. Anthu akakumba mbatatesi ndinkapita kukakunkha m'mizere, nkukaika kamulu m'mbali mwa msewu. Nthawi ya mapichesi ndinkagulitsa pa buleki kusukulu. Akandituma kuchigayo, chenje chikatsala 5 tambala, amayi nthawi zina ankati ndigule chitumbuwa, ine chitumbuwacho osagula. Mate ankachita kudzadza m'kamwa anzanga akudya, koma ndikafika kunyumba ndinkakwera pamtondo, nkuponya kandalamako m'chitini. Ndipo mvetserani apa, chifukwa yankho lanu lagona pamenepa: Lamulungu lililonse madzulo ndinkazitsanula pa mphasa nkuwerenga. Ndinkadziwa kuti ndili ndi ma 20 tambala angati, ndinkadziwa 10 tambala ina yopindika m'mphepete imene anandipatsa mayi wina wogula mapichesi. Mwana wosunga ndalama amazidziwa ndalama zake monga mbusa adziwira mbuzi zake. Wanuyo, amene wapirira miyezi isanu ndi iwiri, mukuganiza kuti sadziwa kuti muli K4,300? Mukathiramo K3,200 usiku, m'mawa adzazindikira. Akapanda kuzindikira m'mawa, adzazindikira Lamulungu.

Chimene sindinkadziwa ine nchakuti chaka chomwecho, mu Febuluwale, boma linasiya kuikira kwacha mtengo, nkuilola kuti iziyenda yokha pamsika. Inagwa koopsa. Tonse tinali kalikiliki ndi chisankho cha pa 17 Meyi, nyimbo za zipani pa wailesi, pamene shuga ndi sopo zinkakwera mwakachetechete. Mu 1995 ndiye zinthu zinachita kuuluka. Mwana wa Sitandade 4 zimenezo azidziwira kuti? Ine ndinkangowerenga matambala anga, nkumaona kuti ndikuyandikira.

Ndinakwanitsa K24 patatha miyezi khumi. Ndinamanga ndalamazo pakansalu, zolemera ngati mwala, ulendo kwa Lizulu limodzi ndi amalume amene ankakagula feteleza. Chitenje chobiriwira chija chinalipo, kapena china chofanana nacho. Ndinamasula kansalu. Bambo uja anaseka, osati monyoza, nkunena kuti, "Mwanawe, mtengo umenewo ndi wa chaka chatha. Pano ndi K40."

Sindinalire pomwepo. Amalume, munthu wabwino ndithu, Mulungu awasunge kumene aliko, anapisa m'thumba nkutulutsa K16. Anandisisita kumutu, tinanyamula chitenje. Panjira ndinali wokondwa theka. Tsono titafika kunyumba, ndisanagwade nkomwe kuti ndipereke, amalume anayamba kufotokoza ali chiimire pabwalo: "Amayi, tawonani zimene takugulirani. Kamwanaka kanali ndi timatambala take, ine ndangomalizitsa." Agogo analulutira, nkugwira dzanja la amalume ndi manja awiri. Ine anandiuza kuti, "Nawenso zikomo, mdzukulu wanga." Nawenso! Miyezi khumi ya zitumbuwa zosadya inathera m'mawu amodzi amenewo. K16 ya mphindi imodzi inameza K24 yanga, chifukwa ya amalume inali yapepala ndipo inatuluka m'thumba la munthu wamkulu.

Papita zaka makumi atatu koma ndikamalemba izi m'khosi mukundiuma. Ndipo ndiyankhule mosapsatira, ngakhale ena akwiye: akuluakulu ambiri tikamati tikuthandiza mwana pa zinthu ngati izi, timakhala tikudzithandiza tokha. Sitifuna kuona nkhope yake itagwa, ndiye timagula mtendere wathu ndi ndalama. Pamene ndinkayamba kulemba ndimati ndinene kuti zimatengera mwana wake, koma ayi, ndasintha. Kuthira mobisa nkulakwa. Kumamuphunzitsa kuti chitini chimabereka chokha, ndipo tsiku limene adzadziwe, pakuti adzadziwa, mphatso ija idzasanduka yanu. Kuipa kwake kwina, mwamubisira chinthu chimene mwana aliyense wa m'dziko muno ayenera kuchiona ndi maso ake: ndalama yogona m'chitini imaonda. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Zitenje zambiri za m'misika yathu zimachokera kunja, ku Tanzania, ku Zambia, zina ku China, ndiye kwacha ikangotsika, mtengo wake umadumpha sabata yomweyo. Mwana wanu sanalakwitse masamu. Chitenje ndicho chinathawa.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa china chimandinyansa. Ndalama zachitsulo za K1, K5 ndi K10 ndi ndalama zovomerezeka, Reserve Bank sinazithetse, koma yesani kupereka ma K5 odzadza dzanja pa okala muone m'mene akuyang'anireni. Ena amakana poyera. Pamene ife tinkasunga matambala, wogulitsa ankawerenga imodziimodzi mosanyinyirika. Lero mwana akhoza kusunga chaka chonse nkukauzidwa kuti "zimenezi sititenga." Ngati m'chitini cha mwana wanuyo muli zachitsulo zambiri, limenelo ndi vuto loyamba, lisanafike la mtengo. Ndipo ma K20 ndi ma K50 apepala nawo ali ndi adani awo. Mdzukulu wa mnansi wanga anakwirira chibotolo chake kuseri kwa bafa nyengo ya mvula, pofukula anapeza mapepala atamatana, akununkha nkhungu. Za chiswe ndi makoswe sindinena.

Tsono muchite chiyani

Mutengeni mwanayo Loweruka likubwerali, apite akafunse yekha mtengo. Amve ndi makutu ake, inu muli pambali pake. Akalira, alire, musathamangire kuchikwama. Mukabwerera kunyumba khalani pansi ndi pensulo. K4,300 pa miyezi isanu ndi iwiri ndiye kuti amasunga pafupifupi K150 pa sabata. Kufika pa 15 Okutobala kwatsala masabata asanu ndi limodzi, ndiye adzaonjezera K900, kukhala K5,200. Yoperewera ndi K2,300. Nambala imeneyi ailembe yekha.

Akatero mpatseni njira ziwiri asankhe. Yoyamba ndi ganyu weniweni, wapoyera: ntchito imene mukanalipira munthu wina, monga kusankha nyemba, kutongola chimanga kapena kuthirira dimba, pa mtengo umene mukanamulipira munthuyo. Isakhale kutsuka mbale kapena kusesa, zimenezo ndi ntchito zake kale. K400 pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi ikukwana K2,400, ndipo ndalamayo idzakhala yake ndithu. Yachiwiri nkusintha mphatso: mpango wa kumutu wabwino, kapena chitenje chotsikirapo mtengo, chogulidwa ndi ndalama yake yokha.

Akasankha chitenje chomwecho, musadikire Okutobala, chingakwerenso. Pezani wogulitsa wokhazikika amene mumamudziwa, osati woyendayenda, mwanayo apereke K4,300 ngati chikole, chitenje achichotse pamulu, mtengo ndi yotsala zilembedwe m'kope pamaso panu. Zachitsulozo yambani mwazisanja m'timilu ta K100 nkukasinthitsa kugolosale kapena kuchigayo komwe amasowa chenje.

Pa tsikulo inu mukakhale kukhitchini. Apereke yekha, ndipo ngati agogo afunsa, yankho ndi limodzi: "Wagula yekha."

Za chitenje chobiriwira chija, agogo anachivala mpaka chinayeranso pamaondo, ndipo mpaka kumwalira kwawo ankachitchula kuti chitenje cha amalume ako. Sindinawakonze. Chitini chija ndinachipeza zaka zingapo pambuyo pake tikufolera khitchini, chitachita dzimbiri, muli 2 tambala imodzi imene inakanirira pansi.