Mbande za pazenera usathamange nazo kudimba

"Azakhali, mbande za matimati zija ndinafesa m'nyumba pazenera zafika masamba 4, ndipo zikuoneka bwino zedi. Ndingakaziwokere kudimba Loweruka likubwerali?"

Iyayi mwanangu, Loweruka ili ayi, udikire la sabata yamawa. Ndangoti ndiyankhule, kulemba kunganditalikire. Chithunzi chija ndachiona, mbande zako ndi zobiriwira bwino, koma ndi zanthete. Zakulira kuseri kwa galasi, ndipo galasi limatchinga mbali ina ya ukali wa dzuwa. Mphepo sizikuidziwanso. Tsamba lomwe lakulira panja limakhala ndi kachikopa kokhuthala, kokhala ngati phula, kamene kamasunga madzi. Zakozo kachikopako n'kopyapyala. Ukaziika padzuwa la masana tsiku loyamba lomwelo, madzi amathawa m'masamba msanga kuposa mmene mizu ingakokere. Ndiye uyambe wazikhwimitsa, ndipo zimenezi zimatenga masiku 7 mpaka 10.

Tamvera tsono. Lero ndi Lachinayi eti? Mawa uzitulutse m'mawa, uziike pamthunzi, mbali ya khoma kumene sikuwomba mphepo. Maola 2 basi, n'kuzilowetsanso. Loweruka maola 3 kapena 4, pamthunzi pomwepo. Ndikudziwa uziona ngati ukutaya nthawi, koma masiku awiri oyambawa ndi amene anthu amadumpha, n'kumadzalira pambuyo. Lamlungu ndiye uzionetse dzuwa la m'mawa, ola limodzi lokha, isanakwane 10 koloko, kenako zibwerere pamthunzi. Kuyambira Lolemba uziwonjezera ola limodzi kapena maola 2 a dzuwa tsiku lililonse. Pofika Lachitatu zizitha kuswera panja, kungozitchingira pang'ono dzuwa likafika paliwombo. Lachinayi ndi Lachisanu zigone panja.

Koma pa zogona panjazi uyang'ane kuzizira kwa usiku. Matimati sakondwa kukatsika pansi pa madigiri 10. Ukaona pafoni kuti kutsika kuposa pamenepo, zilowetse, udikire. Zikanakhala za kabichi sindikanadandaula kwambiri, izo zimapirira kuzizira.

Chachikulu, masikuwa usawawerenge ngati lamulo, uziwerenga masamba. Madzulo aliwonse uzinyamula thileyiyo n'kuyang'anitsitsa. Ukaona timawanga toyera, touma ngati pepala, makamaka pamasamba apamwamba, dziwa kuti dzuwa lawotcha. Si matenda, usapopere mankhwala. Tsamba lopsereralo silibwereranso, koma ngati nsonga ili yobiriwira mbandeyo ichira. Bwerera nazo pamthunzi masiku 2, n'kuyambiranso pomwe unalekeza. Zikafota masana koma madzulo n'kudzuka zokha, zangotopa, uchepetseko dzuwa mawa lake. Zikakhalabe zogwa mpaka kutada, pisa chala m'dothi. Ngati lauma, thirira. Ngati lili lonyowa koma mbande zili zofota, usawonjeze madzi, mizu ikubanika. Ndipo masamba akamachita mtundu wapepo kunsi kwake, kawirikawiri ndi kuzizira.

Ine zinandionekera chaka china. Ndinali ndi mbande 40 zokongola ngati zakozi. Tsiku lachiwiri ndinaziika pakhonde m'mawa pali mthunzi, n'kuchokapo. Ndinaiwala kuti mthunzi umayenda. Pobwera cha m'ma 2 koloko ndinapeza zili padzuwa lenileni, masamba ambuu. 12 zinaferatu, zotsalazo zinachedwa ndi masabata 2. Mtima unandipweteka kwambiri. Ndiye usanasankhe malo, uone kuti masana mthunziwo umakhala pati, makamaka Lolemba ukapita kuntchito.

Za madzi, uzichepetsa pang'onopang'ono, kuthirira pamwamba pa dothi pakauma, koma osazilanga mpaka kufota. Timachubu tating'ono timauma msanga kukakhala mphepo, nthawi zina m'maola ochepa chabe, choncho uzitikhudza m'mawa ndi madzulo. Feteleza umusiye kaye sabata imeneyi, amangotulutsa masamba ena anthete. Usapitirirenso nazo masabata ambiri, chifukwa mbande zokhalitsa m'chubu zimapinimbira, masamba apansi n'kuchita chikasu. O, ndi usiku wogona panjawo uziike pamwamba, patebulo kapena pabenchi, nkhono zingakumalizire.

Zakonzeka ukaona tsinde lanenepa, likuima lokha ukalipitsa dzanja, masamba aderako, ndipo zaswera padzuwa osafota. Loweruka limenelo uzithirire bwino m'mawa kuti dothi ligwirane ndi mizu, koma kuwokera kwake madzulo dzuwa litapepa, kapena kukachita mitambo. Matimati uwakwirire mozamirako, mpaka pafupi ndi masamba oyamba, chifukwa tsinde lake limatulutsa mizu ina. Thirira phando lililonse pompo, ndipo kukatentha uzibayire timasamba ta mitengo pambali kuti tizipatse mthunzi masiku 2 kapena 3. Lamlungu likubwerali madzulo unditumizire chithunzi cha masamba apamwambawo, ujambule pafupi, ndione mmene zalilandirira dzuwa.