Buku la ngongole likakana kugwirizana ndi akaunti yaikulu

"Achemwali, ndayamba kuoda mafuta ophikira ndi sipageti ku Ulongwe n'kumakongoza eni magolosale pa Dedza. Mwezi ukatha, ndikawonkhetsa ngongole za munthu aliyense sizikufanana ndi za mu akaunti yaikulu. Ndiyambire pati kufufuza?"

Achimwene, yambirani pa zinthu zitatu zomwe ndalama yake siidutsa m'manja: kontira yomwe ndi kuthetserana ngongole, cheke chobwerera, ndi disikaunti. Katundu amene mwagulitsa pakeshi musamulowetse m'nkhaniyi n'komwe, ndipo ngakhale mumagula ndi metikali, ngongole zilembeni m'makwacha okhaokha.

Akaunti yaikulu, yomwe imaonetsa ngongole za makasitomala onse pamodzi, siitengera manambala pamasamba a makasitomala. Imatenga matotala a buku la zogulitsa pangongole ndi a keshibuku. Kumanzere kumakhala zokweza ngongole: yotsala ya mwezi watha, katundu wokongozedwa, macheke obwerera. Kumanja kumakhala zotsitsa: ndalama zolandira, disikaunti, katundu wobwezedwa, kontira. Mukaikopera kuchokera pamasamba aja, idzagwirizana nawo mwezi uliwonse ndipo siidzakugwirirani cholakwa ngakhale chimodzi.

Tiyerekeze mwezi wayamba anthu ali ndi ngongole ya K4,200,000, ndipo mwakongozanso katundu wa K6,500,000. Mwalandira K5,900,000, mwachotsera olipira msanga K110,000. Banki yabweza cheke cha K490,000. Wolemba wanu waika zonsezi, akaunti yaikulu yatsala ndi K5,180,000. Koma masamba a anthu mukawawonkhetsa akupereka K4,390,000. Kusiyana ndi K790,000, ndalama yoti mutha kuyamba kukayikira nayo mnyamata wapashopu pachabe.

Poyamba onani anthu amene mumagulitsana nawo mbali zonse. Pali bambo wa ku Tsangano amene amakupatsani kachewere pangongole kuti mukagulitse ku Lilongwe, iyenso n'kumatenga zigubu za mafuta kwa inu. Munakhala pansi n'kugwirizana kuti K300,000 ithane yokha, iye asakupatseni, inunso musamupatse. Kontira ndi imeneyo. Wolemba anachotsa patsamba la bamboyo, koma poti sinadutse mu keshibuku kapena m'buku la zogulitsa, akaunti yaikulu sinaimve. Ilembeni kumanja, itsike kufika K4,880,000. Pomwepo ilembeninso kumanzere kwa akaunti yaikulu ya anthu amene inu muli nawo ngongole, apo ayi vuto mwangolisamutsira kumeneko. Ine kontira sindiilola popanda kapepala kosainirana, chifukwa nyengo ya kachewere ikatha anthu amaiwala msanga.

Tsopano cheke. Mayi wa golosale ya pa Lizulu anali ndi ngongole ya K500,000. Analipira masiku asanakwane, munamuchotsera K10,000, iye n'kulemba cheke cha K490,000. Tsamba lake linatsekedwa. Patapita masiku chekecho chinabwerera chitalembedwa Refer to Drawer, m'akaunti mwake munalibe ndalama zokwanira. Keshibuku inakonzedwa poona sitetimenti ya kubanki, n'chifukwa chake akaunti yaikulu ili nayo kale ndalamayi, koma tsamba la mayiyo likuonetsabe kuti alibe ngongole. Apa cholakwika chili pamasamba, ndiye akaunti yaikulu musaikhudze. Bwezerani K490,000 kumanzere kwa tsamba lake, masamba afike K4,880,000.

Mbali ziwiri zafanana, ndipo ambiri amatseka buku pamenepa. Komatu K10,000 ija ikusowabe. Disikaunti munaipereka chifukwa cholipira msanga, ndipo mayiyo sanalipire, choncho ngongole yake ndi K500,000 yathunthu. Poti ndalamayi yasowa mbali zonse ziwiri, kufananitsa sikungaitulutse. Muiona pokhapokha mutabwerera pamzere wa keshibuku pomwe chekecho chinalembedwa tsiku loyamba, n'kuyang'ana ngati pambali pake panali disikaunti. Ilembeni kumanzere patsamba lake, kumanzerenso mu akaunti yaikulu, ndipo muichotse mu akaunti ya disikaunti. Zonse ziwiri zikhala K4,890,000. Banki ikakudulani ndalama chifukwa cha chekecho ndipo mwagwirizana kuti mayiyo abweze, nayonso ilowe mbali zonse ziwiri.

Kusiyana kukakhalabe, kugaweni pawiri. Mukapeza kuti theka lake ndi nambala yomwe mukuidziwa, monga kusiyana kwa K220,000 pomwe disikaunti ya mwezi inali K110,000, ndiye kuti totala ya disikaunti inalembedwa kumanzere m'malo mwa kumanja. Kukagawika ndi 9 osatsala kanthu, kawirikawiri wina watembenuza manambala, K540,000 n'kulemba K450,000.

Za mayi wa pa Lizulu, muimbireni tsiku lomwelo banki yakuuzani, ndipo katundu wina atenge pokhapokha ndalama yalowa ndithu, kaya kubanki kaya pa Airtel Money kapena Mpamba.