Mavoti omwewo, mawerengedwe atatu

"Amalume, ndatumiza masilaidi a kalasi yathu aja. Ndawerenga kawiri koma FPTP ndi PR zikungondizungulira m'mutu, ndipo sindikuona kuti zikukumana pati ndi za nthambi zitatu za boma zili kumapetozo. Mayeso ndi Lachisanu, ndithandizeni chonde."

Eya mphwanga, ndawaona. Aphunzitsi ako alemba zoona, kungoti ayamba ndi mayina m'malo moyamba ndi mavoti. Tenga pepala ndi cholembera, uzilemba ndikamalankhula, chifukwa manambala ongomvera m'khutu sakhalitsa.

Tiyerekeze kadziko ka madera asanu. Dera lililonse lili ndi ovota 100, ndipo zipani zilipo zitatu, A, B ndi C. M'madera anayi oyambirira zotsatira zafanana: A yapeza 40, B yapeza 35, C yapeza 25. Dera lachisanu ndi kuchimake kwa B, kumeneko B yakolola 80, A ndi C zangotola 10 chilichonse. Tsopano wonkhetsa. A ili ndi 170, B ili ndi 220, C ili ndi 110. Onse pamodzi ndi 500. Amene wakondedwa ndi anthu ambiri m'dziko lonse ndi B, apa palibe kukangana.

Tiwerenge ndi njira yoyamba, imene pa silaidi alemba FPTP. Lamulo lake ndi lalifupi: dera limodzi, phungu mmodzi, ndipo amene waposa anzake watenga mpando, kaya waposa ndi voti imodzi yokha. Safunika kufika theka. Ndiye A yatenga madera anayi aja, B yatenga limodzi, C yabwerera chimanjamanja. Taona bwino pamenepo. Chipani cha mavoti 170 chili ndi mipando inayi, cha mavoti 220 chili ndi umodzi. Palibe amene waba, palibe amene wafufuta nambala. Chachitika n'chakuti mavoti a B anaunjikana malo amodzi. M'dera lachisanu muja mavoti ochepa chabe akanaikwanira kupambana, enawo anangopita pachabe, pamene A inamwaza ake moti paliponse ikhale patsogolo pang'ono. Pa njira imeneyi, kumene mavoti ako ali n'kofunika mofanana ndi kuchuluka kwake.

Usaganize kuti ndangopeka kuti ndikudabwitse. Ku Britain mu 2024 chipani cha Labour chinapeza mavoti pafupifupi 34 pa 100 aliwonse, koma chinatenga mipando 411 mwa 650. Reform UK inapeza 14 pa 100, mipando isanu yokha. Liberal Democrats anapeza 12 pa 100, ochepa kuposa a Reform, koma mipando 72, chifukwa iwo anali olimba m'madera osankhika. Ukalemba chitsanzo chimenechi pa mayeso, wolemba mamalikisi adziwa kuti wamvetsa. Pali silaidi ina yatchula Duverger, katswiri wa zandale wa ku Falansa. Mfundo yake ndi yomweyi ikapitirira zaka zambiri: wovotera C amatopa kuponya voti yosabala phungu, amasamukira kwa A kapena B, ndiye pamatsala zipani ziwiri zikuluzikulu. Nthawi zambiri, osati nthawi zonse.

Tsopano mavoti omwewo tiwawerenge ndi PR. Apa madera aja timawafafaniza, dziko lonse likhale ngati dera limodzi la mipando isanu. Anthu amavotera chipani, ndipo chipani chimakhala chitapereka kale mndandanda wa anthu ake. Gawa 500 ndi mipando isanu, upeza kuti mpando umodzi umafuna mavoti 100. A ili ndi 170, ndiye mpando umodzi, zotsala 70. B ili ndi 220, mipando iwiri, zotsala 20. C ili ndi 110, mpando umodzi, zotsala 10. Yagawidwa inayi, watsala umodzi, ndipo umapita kwa amene zotsala zake zachuluka, amene ndi A. Mapeto ake A iwiri, B iwiri, C umodzi. Njira zogawira zotsalazo zilipo zingapo, ine ndakupatsa yosavuta.

Zikuoneka zachilungamo, eti? Inenso ndimatero. Koma yang'ana amene wakhala pabwino. Kuti lamulo lidutse pafunika aphungu atatu mwa asanu. A payokha singathe, B payokha singathe. Onse azipita kukagwada kwa C, chipani chimene chinatsirizira. Ndiwo mtengo wa PR: boma la mgwirizano, ndipo wamng'ono amatha kulamula wamkulu. Vuto lina n'lakuti phungu wa pa mndandanda amaopa kwambiri akuluakulu a chipani amene anamuika pa nambala yabwino kusiyana ndi wovota, poti alibe dera lakelake loti likamufunse. N'chifukwa chake ku Jeremani anasakaniza: munthu amaponya mavoti awiri, ina ya phungu wa dera, ina ya chipani, ndipo kawirikawiri chipani chimayenera kufika 5 pa 100 kuti chilowe nawo pogawana mipando, kuopa kuti nyumba ingadzaze tizipani.

Njira yachitatu ndi ya chibwereza, ija amati wopambana apose theka. M'madera anayi aja palibe anafika 51, ndiye C ikutuluka, A ndi B zibwererenso kwa anthu. Ngati mwa ovota 25 a C aja, 16 apita kwa B, ndiye B ili ndi 51, A ili ndi 49. B yatenga madera onse asanu, psiti! Mavoti oyamba sanasinthe, koma A yachoka pa mipando inayi, kufika iwiri, kufika ziro. Ku Falansa amasankha pulezidenti motere. Mu 2002 Jacques Chirac anapeza pafupifupi 20 pa 100 ulendo woyamba, koma wachiwiri anapeza 82, osati poti anthu anayamba kumukonda mwadzidzidzi, koma poti ambiri ankakana Jean-Marie Le Pen. Ulendo woyamba munthu amasankha amene akumufuna, wachiwiri amakana amene sakumufuna.

Dikira ndimweko madzi, kukhosi kwauma.

Chabwino. Za nthambi zitatu ndisachedwepo pa zimene ukudziwa kale. Nyumba ya Malamulo imapanga malamulo ndi kuvomereza bajeti, nthambi ya mtsogoleri ndi nduna zake imayendetsa boma, makhoti amatanthauzira malamulo ndi kuweruza. Dzina loti uloweze ndi Montesquieu, Mfalansa amene analemba zolekanitsa nthambizi, chaka ndi 1748. Nkhawa yake inali yakuti munthu mmodzi akamalemba lamulo, n'kukugwira yekha, n'kukuweruzanso yekha, iwe ulibe kothawira.

Chimene chimasokoneza ophunzira ambiri n'chithunzi chija cha mabokosi atatu oima paokha, ngati kuti nthambizo sizikhudzana. Zimakhudzana dala. Iliyonse anaipatsa kachingwe kokokera inzake. Ndiye ukafuna kudziwa mtundu wa boma, usayang'ane dzina la udindo, funsa funso limodzi: mtsogoleriyu wamuika ndani, ndipo angamuchotse ndani?

Ku Amereka pulezidenti amasankhidwa payekha, aphungu amasankhidwanso paokha. Ali ndi zaka zake zinayi, ndipo aphungu sangamuchotse chifukwa chongodana ndi mfundo zake. Pamafunika mlandu, imodzi mwa nyumba ziwiri za aphungu imuimbe mlanduwo, kenako magawo awiri mwa atatu a nyumba inayo, Seneti, avomereze kuti ndi wolakwa. Mpaka lero palibe pulezidenti amene Seneti inamuchotsapo motero. Nduna zake siziloledwa kukhalanso aphungu. Iye angakane kusayina bilu, koma nyumba zonse ziwiri zikagwirizana ndi magawo awiri mwa atatu, biluyo imakhala lamulo iye asakufuna. Amasankha majaji, koma Seneti iyenera kuvomereza. Ndipo kuyambira pa mlandu wa Marbury ndi Madison mu 1803, khoti lalikulu limatha kunena kuti lamulo ili likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndiye silikugwira ntchito.

Ku Britain n'zina. Wovota amasankha phungu basi, ndipo amene ali ndi aphungu ambiri kumbuyo kwake ndiye nduna yaikulu. Iyeyo ndi phungu, nduna zake zimachokeranso m'nyumba yomweyo. Nthambi ziwirizi zinalukana. Aphungu akanena kuti sakumukhulupiriranso, boma lagwa, popanda mlandu uliwonse. Mu 1979 boma la James Callaghan linagwa ndi voti imodzi, 311 kwa 310. Komanso khoti la kumeneko silingafafanize lamulo limene Nyumba ya Malamulo yakhazikitsa.

Apa ndiye pamene mbali ziwiri za masilaidi ako zikukumana. Bwerera ku kadziko kathu kaja, unene kuti aphungu asanu aja ndiwo amasankha mtsogoleri, monga ku Britain. Tikawerenga ndi FPTP, A ili ndi anayi. Mtsogoleri ndi wa A, wodutsitsa bajeti ndi A, woyenera kumufunsa mafunso ndi A yomweyo. Pa pepala mphamvu yomuchotsa ilipo, koma aigwiritse ntchito ndani? Wotsutsa ndi mmodzi yekha, azingofuula. Tikawerenga ndi PR, mtsogoleri yemweyo sagona tulo, chifukwa C ikangonyamuka, iye wagwa. Malamulo oyendetsera dziko sanasinthe ngakhale chilembo chimodzi, koma Nyumba ya Malamulo ina ili ndi mano, ina ilibe. Chasintha ndi mawerengedwe a mavoti. Ku Amerekanso zimatero: chipani cha pulezidenti chikagwira nyumba zonse ziwiri, zingwe zija zimalefuka, chikaluza nyumba imodzi, bajeti imatha kukakamira mpaka maofesi ena a boma kutsekedwa kwa kanthawi.

Ndikuchenjeze za msampha umodzi, poti aphunzitsi amaukonda. South Africa ili ndi pulezidenti, ndiye wophunzira wothamanga amalemba kuti ndi dongosolo la ngati ku Amereka. Ayi. Funsa funso lija. Anthu savotera pulezidenti mwachindunji, amavotera aphungu 400 kudzera pa PR, aphunguwo ndiwo amasankha pulezidenti, ndipo oposa theka la iwo akanena kuti sakumukhulupirira, ayenera kutula pansi udindo. Kwa zaka 30 izi sizinkaoneka bwino, poti ANC inkaposa theka nthawi zonse. Mu 2024 inapeza 40 pa 100, mipando 159, ndipo Cyril Ramaphosa anafunika mavoti a zipani zina, kuphatikizapo DA ya mipando 87, kuti akhalenso pampando. Dzina ndi la pulezidenti, koma mizu yake ili m'Nyumba ya Malamulo.

Usanagone, sintha manambala a dera lachisanu lija, B ipeze 50, A ipeze 30, C ipeze 20, uwerengenso ndi njira zonse zitatu. Unditumizire zimene wapeza, ndizione mawa m'mawa.